Osangofunsa ngati mankhwala alipo, awawerenge muli pafoni

"Zikomo. Ndimagwira ntchito pa kiliniki ya odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo andipatsa udindo woimbira odwala kuwakumbutsa tsiku lodzaonana ndi adokotala komanso kufunsa za mankhwala awo. Aliyense amangoti 'alipo', koma akabwera timapeza kuti anatha kalekale. Ndiziyankhula bwanji?"

Achemwali, vuto lili pa funso lenilenilo. Munthu mukamufunsa kuti "Mankhwala muli nawo?" amavomera mwaulemu, mwinanso poopa kukalipiridwa. Chimene mukufuna kumva ndi nambala ya mapilitsi otsala, ndipo mawu anu onse azilunjika pamenepo.

Musanaimbe, khalani ndi zinthu zitatu patsogolo panu: tsiku limene analandira mankhwala, kuchuluka kwa mapilitsi, ndi tsiku lobwerera. Ine ndimakonda kuimba kutatsala sabata imodzi, kuti ngati mankhwala akutha msanga pakhale mpata wokonza zinthu.

Yambani motere: "Muli bwanji? Ndine wa ku kiliniki. Kodi ndikuyankhula ndi mayi Uje? Muli pamalo poti tingayankhulane momasuka?" Foni imodzi imatha kugwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, choncho ngati wayankha ndi wina, musatchule matenda kapena mankhwala. Ingofunsani nthawi yabwino yowapezera eniake.

Kenako nenani tsiku momveka, dzina la tsiku pamodzi ndi deti lake: "Tikukuyembekezerani Lachinayi pa 29, m'mawa. Mukwanitsa kubwera?" Apempheni abwereze tsikulo ndi pakamwa pawo. Akanena kuti sangathe, gwirizanani tsiku lina pompo foni isanadulidwe.

Tsopano mufike pa mankhwala: "Chonde tatengani mankhwala anu, ndikudikira. Mundiwerengere kuti atsala angati, mtundu uliwonse paokha." Dikiranidi, ngakhale patenge mphindi ziwiri.

Tiyerekeze kuti mayiwa analandira mapilitsi 30 a amulodipini pa 1, oti azimwa limodzi patsiku kuyambira tsiku lomwelo, ndipo inu mwaimba pa 22. Ngati akumwa bwino, atsala ndi 9, kapena 8 ngati amwa kale la lero, ndipo afika nawo pa 29 popanda vuto. Akakuuzani kuti atsala 17, ndiye kuti adumphitsa masiku pafupifupi 8. Akati atsala 3, awathera sabata isanathe, ndipo mwina akugawana ndi wina kapena akumwa awiriawiri. Amenewa auzeni abwere msanga, asadikire pa 29. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene akumwa atenololo, chifukwa kuusiya mwadzidzidzi kungachititse mtima kugunda mothamanga ndiponso kupweteka pachifuwa.

Mapilitsi akachuluka, musafunse kuti "Bwanji simukumwa?" Funso limenelo limatseka munthu pakamwa. Nenani kuti: "Anthu ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse. Inuyo chikukuvutani n'chiyani?" Apa m'pamene zoona zimatuluka. Wina anasiya chifukwa mapazi anayamba kutupa, zimene amulodipini amachita kwa ena. Wina watopa ndi chifuwa chouma chosatha, chomwe chimabwera kawirikawiri ndi enalapulo. Wina amadumphitsa mapilitsi okodzetsa aja tsiku la ulendo. Ndipo ambiri amangoti "Ndinali bwino, mutu sunkapweteka." Amenewa auzeni mofatsa kuti magazi amatha kuthamanga kwambiri munthu osamva chilichonse m'thupi, ndipo mankhwalawa amangowatsitsa pamene akumwedwa, sachotsa matendawo.

Pano ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musasinthe mlingo wa mankhwala pafoni, ndipo musauze munthu kuti amwe awiri pobwezera tsiku limene anaiwala. Lembani zimene wanena, muzipereke kwa adokotala kapena anamwino tsiku lomwelo. Mayi amene akumwa enalapulo akakuuzani kuti ndi woyembekezera, nkhaniyo ifike kwa adokotala nthawi yomweyo, chifukwa mankhwalawa angavulaze mwana ali m'mimba.

Musanatsanzike, funsani ngati akumva kupweteka pachifuwa, kubanika, mutu waukulu wosazolowereka kapena kuona mwachimbuuzi. Funsaninso ngati mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena kukamwa kwapindika. Mvetseraninso mmene akuyankhulira, poti lilime lolemera limamveka pafoni. Chimodzi mwa izi chikapezeka, za pa 29 zija zisiyeni, auzeni apite kuchipatala pompano ndipo wina awaperekeze.

Ngati zonse zili bwino, tsekani ndi mawu awa: "Pobwera mutenge buku lanu la kuchipatala ndi mapilitsi onse otsala, ndipo m'mawa wa tsikulo mumwe mankhwala monga mwa nthawi zonse." Ena amasiya dala kumwa tsiku loyezetsa poganiza kuti adokotala aone matenda enieni, koma chimene adokotala akufuna kuona ndi mmene mankhwalawo akugwirira ntchito. Mukadula foni, lembani nambala ya mapilitsi ija m'kaundula, kuti adzaiyerekeze ndi amene wodwalayo adzabwere nawo.