Ntchito ku Joni: yamba wagula kope

"Amalume, mwezi uno ndatumiza siivii yanga malo oposa 60 kufuna ntchito ya mu weyahausi, koma palibe ndi mmodzi yemwe wandiyimbira. Ndizichita chiyani sabata iliyonse kuti zitheke?"

Mphwanga, ndamva, ndipo zandikhudza. Ndangoweruka kumene, ndiye umvetsere mpaka kumapeto.

Pa malo 60 amenewo, ungandiuze kuti Lachiwiri lapitali unatumiza kuti, ndipo anayilandira ndani? Ngati sungathe, vuto layambira pamenepo. Mawa ugule kope laling'ono. Tsamba lililonse ulembe dzina la kampani, ntchito yake, tsiku lomwe watumiza, dzina ndi nambala ya amene walandira, komanso tsiku lodzawakumbutsa.

Pa sabata uzifunsira malo 10 okha. Asanu ndi amodzi pa intaneti, monga pa Indeed kapena PNet, Lolemba ndi Lachiwiri. Ndachepetsa dala, chifukwa siivii iliyonse uyenera kuyikonza kuti igwirizane ndi zomwe alengeza. Akati akufuna wodziwa kuwerenga sitoko ndi kuyendetsa fokolifiti, mawu amenewo akhale pamwamba penipeni, pasakhale nkhani ya kupulayimale. Ulembenso poyera mtundu wa pemiti yako ndi tsiku lomwe ikutha, popeza lamulo la kuno silimulola bwana kulemba mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito, ndiye adzafunsa ndithu.

Malo anayi otsalawo upite wekha Lachitatu. Sankha dera limodzi, ndalama ya takisi isathere m'njira. Sabata ino City Deep, yamawa Isando kufupi ndi bwalo la ndege, inayo Midrand. Ufike m'ma 7 koloko, makope a ziphaso zako atadindidwa kale kupolisi, ndi ulere umenewo. Mlonda wa pageti umupatse moni waulemu, umufunse dzina la amene amalemba anthu ntchito. Dzinalo lilowe m'kope usanachoke pageti pomwepo.

Tsopano Lachinayi, apa ndiye pamene ambiri amagwa ulesi. Tsegula kope, uyimbire kapena kulembera onse 10 a sabata yatha. Mawu ake ndi ochepa: dzina lako, ntchito yomwe unafunsira, tsiku lomwe unatumiza, kenako funsa ngati siivii inafika komanso ngati malowo akadalipo. Akati yimbanso, funsa tsiku lenileni, ulilembe. Ukumbutse kawiri, motalikirana ndi sabata. Akakhalabe chete, dula mzere, usawatopetse. Koma amene analemba pachilengezo kuti asayimbiridwe, amenewo asiye.

Ine ntchito yanga yoyamba inabwera choncho. Ndinasiya envulopu pageti la kampani ina ku Isando, ndinadikira masiku asanu ndi atatu, zii. Nditayimba, mayi wa mu ofesi anati sanayione. Anakayipeza m'kabati ya alonda, pansi pa buku losayinamo alendo. Anandiuza kuti nditumize pa imelo tsiku lomwelo, Lolemba lake ndinali pa intaviyu.

Za intaviyu usadikire kuti akuyitane kaye. Loweruka lililonse patula ola limodzi, uyankhe mafunso atatu mokweza mawu, m'Chingerezi, ukudzijambula pafoni. Funso lomwe silisowa ndi ili: pepala likuti makatoni 50, iwe wawerenga wapeza 48, utani? Yankho lake, uwerengenso dalaivala akuona, ulembe kuperewerako papepala lomwe labwera ndi katunduyo musanasayine, ndipo udziwitse kapitawo nthawi yomweyo. Adzakufunsanso za FIFO, kutanthauza kuti katundu amene analowa poyamba ndiye ayambe kutuluka. Ukamadzimvera, ona pomwe ukuchita chibwibwi, ubwereze pomwepo.

Pakatha masabata anayi udzakhala ndi malo 40 m'kope, ndipo kopelo lidzakuuza pomwe pakudwala. Ngati palibe woyimba ngakhale mmodzi, vuto lili pa siivii kapena ukufunsira ntchito zosagwirizana ndi ziphaso zako. Yang'ananso nambala yomwe unalembapo, ndipo foni izikhala yoyaka masana onse. Akamayimba koma nkhani n'kuthera pa mapepala, tisiye kaye kutumiza tikonze mapepalawo. Mwachitsanzo laisensi ya fokolifiti kuno imafunika kuyikonzanso pakatha zaka ziwiri. Ukamafika pa intaviyu kawiri katatu osatengedwa, ndiye kuti ola la Loweruka lija likuchepa, tiwonjezere.

Eya, ndisanayiwale. Wina akakuuza kuti ulipire ndalama kuti akupezere malo, kaya akuti ndi ya fomu kaya ya yunifolomu, usatumize ngakhale randi imodzi. Lamulo la kuno limaletsa ejenti kulipiritsa munthu wofuna ntchito. Dzina lakelo ulidule m'kope.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ubwere kunyumba ndi kopelo ndi siivii yako. Ine ndikhala bwana, iwe uyankhe za makatoni 48 aja.