Akufuna tikumane mawa m'mawa, koma tsiku langa ladzaza kale

Funso: Ndimagulitsa mpunga wopakira m'timatumba ta makilogalamu 5 pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Lachitatu usiku, bambo amene amayendetsa loji ina ku Senga Bay, omwe ndi kasitomala wanga wamkulu, anandilembera pa WhatsApp kuti, "Mayi, tikumane mawa 9 koloko kuno." Lachinayilo m'mawa ndinali nditasungitsa malo kuchigayo, masana kukasiya katundu m'magolosale awiri, 2 koloko banki mkhonde. Ndinangoyankha kuti ndiyesetsa, koma sindinapite. Zikadzachitikanso ndiyankhe bwanji kuti ndisawakhumudwitse? Ndine wowerenga wanu wa ku Salima.

Yankho: Mayi, munthu wa bizinesi sadabwa akamva kuti mnzake watanganidwa. Chimene chimamuwawa ndi kudikira. Mukamuuza kuti muyesetsa, iye amamva ngati mwavomera, amasiya zina, amauza anyamata apageti kuti kubwera mlendo, kenako 10 koloko imakwana akungoyang'ana kumsewu. Ambirife timayankha choncho chifukwa kukana munthu wamkulu kumatilemera pakamwa, koma pamapeto pake timaoneka osadalirika, zomwe n'zoipa kuposa kuoneka otanganidwa.

Yankhani usiku womwewo, musanagone. Pa WhatsApp munthu amaona kuti mwawerenga, ndiye kukhala chete mpaka m'mawa nakonso kumalankhula. Uthenga wake ukhale wonga uwu:

"Mwaswera bwanji bambo? Zikomo pondikumbukira. Mawa 9 koloko sinditha kufika, ndili ndi ntchito imene ndinapangana kale ndi anthu. Nditha kukuimbirani mawa 7 koloko m'mawa, kapena kubwera komweko Lachisanu 9 koloko kapena Lolemba 2 koloko masana. Kodi nkhani yake ndi yotani, kuti ndibwere nditakonzeka?"

Onani kuti kukanako kwabwera msanga, m'chiganizo chimodzi chosazungulira, ndipo pambuyo pake pali nthawi zenizeni zoti asankhepo. Mukangoti "tsiku lina" mwawasiyira ntchito yoti akufunseninso, ndipo ambiri safunsanso, amangoimbira wogulitsa wina. Masiku awiri ndi okwanira. Mukatchula asanu mumaoneka ngati mulibe chochita, ndiye adzadabwa kuti mawalo mukukaniranji.

Simuyenera kuwawerengera pulogalamu yanu yonse. Mukangonena kuti m'mawa muli kuchigayo ndipo 2 koloko muli ku banki mkhonde, mwawapatsa mpata woti akukonzereni tsiku: "Aa, chigayo mungotumako mwana, inu mubwere." Ndipo musanamizire maliro kapena matenda. Salima ndi yaing'ono. Woyendetsa galimoto yapalojipo akabwera kudzagula zinthu m'tauni adzakupezani mutaima pachigayo, mankhusu ali m'mutu.

Funso lomalizalo, loti nkhani yake ndi yotani, ndi limene limagwira ntchito yaikulu. Nthawi zambiri munthu akati "tikumane" amakhala ndi chinthu chimodzi chimene chimatha pafoni m'mphindi khumi. Mwina alandira gulu la anthu amsonkhano mwadzidzidzi ndipo akufuna matumba ena Loweruka lisanafike. Imeneyo ndi oda, mutha kugwirizana pafoni n'kutumiza katundu pa njinga yamoto. Mwina akudandaula kuti mpunga womaliza unali wosweka kwambiri. Apo mutha kutumiza mwana ndi kathumba koonetsa ka mpunga watsopano, inu n'kudzafika Lachisanu. Chokhacho chimene musatume nacho munthu ndi nkhani ya mtengo ndi ngongole, chifukwa wotumidwa amavomera zimene inu simukanavomera.

Tsopano tiwerengere Lachinayi lanulo, chifukwa si nthawi zonse pamene kukana kuli koyenera. Kuchoka m'tauni kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Mukaphatikiza kudikira galimoto kuti idzaze, kudikira bwana amalize ndi alendo ake, kukambirana kwenikweniko ndi ulendo wobwerera, msonkhano wa theka la ola wakudyerani m'mawa wonse. Chimene chikufa ndi malo anu kuchigayo. Tiyerekeze kuti munali ndi matumba 10 a makilogalamu 50 a mpunga wosapuntha. Thumba lililonse limatulutsa mpunga woyera makilogalamu pafupifupi 30 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye onse pamodzi ndi makilogalamu ngati 300, timatumba tanu 60. Ngati pa kathumba kalikonse mumapindula K1,500, mwachitsanzo, ndiye kuti K90,000 ndi imene mukuikankhira tsiku lina. Magetsi akazima masana, monga amachitira, mzere umagona pompo, magolosale awiri aja salandira katundu, ndipo wagolosale sadikira shelefu ili yopanda kanthu. Ikanipo manambala anu enieni, muonjezere thiransipoti yopita ndi kubwera, muone ngati chimene akukuitanirani chikuposa zimenezo.

Pa zinthu zitatu za tsiku lanulo, chosunthika mosavuta ndi kukasiya katundu, poti wakabaza womudziwa atha kukafikitsa, ndalama n'kubwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Kuchigayo ndi kovuta kutumako munthu, chifukwa pamafunika diso la mwini poyeza komanso poona kuti mpunga sukusweka. Banki mkhonde ine sindikulangizani kuijomba. Chindapusa chake n'chochepa, koma amayi amenewo ndi amene adzavomereze ngongole yanu nyengo yokolola ikafika, mukafuna kupikula mpunga wambiri mtengo usanakwere, ndipo amakumbukira amene amajomba.

Ndiye bambowo akayankha kuti mawa akusankha munthu woti aziwapatsa mpunga chaka chonse ndipo ena abwera ndi mitengo yawo, pamenepo pitani. Koma musanagone imbirani wapachigayo mumupemphe akusinthireni nthawi, ndipo muuze eni magolosale kuti katundu abwera ndi wakabaza kapena afika Lachisanu. Kusuntha anthu si mlandu ngati mwawauza nthawi ilipo. Mlandu ndi woti azindikire okha atakudikirani.

Akakana masiku onse awiri, akakana foni, komanso osafuna kutchula nkhani yake, khalani tcheru. Kawirikawiri zikatero nkhaniyo si yachangu, kapena akufuna mukhale pamaso pawo musanakonzeke kuti akutsitseni mtengo. Bwerezani mwaulemu zomwe mwanena kale, osaonjezera zifukwa zatsopano: "Ndamva bambo, koma mawa zandivutadi. Lachisanu 9 koloko ndifika." Ndipo Lachisanulo mufike nthawi isanakwane, chifukwa mukachedwa pa nthawi imene mwasankha nokha, ulendo wina sadzakumveraninso.

Ngati kuitana kwa usikuku ndi chizolowezi chawo, apatseni tsiku lawolawo. Auzeni kuti Lachiwiri lililonse m'mawa muziwaimbira kufunsa za oda ya sabatayo, ndipo kamodzi pa mwezi muzifika nokha kulojiko. Munthu akadziwa kuti Lachiwiri mulankhulana, zambiri amazisungira Lachiwirilo.

Za Lachinayi lapitalo, musadikire kuti ayambe ndi iwo. Aimbireni lero, osati kulemba, munene kuti, "Bambo, ndinakusiyani mukudikira, pepani. Ndikanayenera kukuuzani usiku womwewo kuti sindifika." Osatalikitsa. Kenako funsani nkhani imene ankakuitanirani, mutchule masiku awiri amene mungafike.