Amuna ako anagona masiku angati pasiwa?

"Agogo, chimwalirire akulu awo, amuna anga sayankhula. Akabwera kuntchito amangokhala pakhonde. Ndikawafunsa amati palibe kanthu. Ndiwafunse bwanji?"

Mwanawe, ukanayamba wandiuza kuti anagona masiku angati pasiwa. Ndikudziwa kale, anafika m'mawa wa tsiku loika, madzulo n'kukwera shapa kubwerera ku Moatize poopa kudulidwa malipiro. Ndi mmene mukuchitira masiku ano, chipepeso n'kumatumiza pa M-Pesa.

Ife kuno ku Angonia munthu sunkachoka anthu asanamete. Amayi ankagona m'nyumba, amuna panja pamoto, ndipo pamotopo ndi pomwe mwamuna ankalirira. Palibe ankamufunsa za mumtima. Ankangokamba za malemuyo, ngongole zake, ng'ombe zake, ukali wake, mpaka wofedwayo n'kulowererapo yekha. Ngakhale pothawa nkhondo, tili ku Dedza tisanabwerere kwathu itatha mu 1992, moto wa pasiwa sitinkausiya.

Kunali bambo wina wa cha ku Domwe. Mng'ono wake anamwalira iye ali kutali, anapeza ataika kale. Sanagwetse msozi, anthu n'kumamutama kuti ndi wolimba mtima. Koma mkazi wake ankaona zina. Tulo tinkamuthera pakati pa usiku, nsima ankangoitsina, njira yodutsa pakhomo pa malemu anaileka, ana akaseka ankawakalipira. Kenaka kachasu.

Amalume ake sanamulangize ayi. Anadikira kukolola, nafulula mowa wa kumeta kwachiwiri, n'kutuma mthenga kuti popanda iye lumo silikhudza mutu wa munthu. Usiku pamoto, mmodzi wa adzukulu amene anakumba manda anadzuka n'kuyamba kutsanzira malemu mmene ankayendera pothamangitsa ngolo, chipewa chili pambali. Adzukulu ali ndi ufulu umenewo, sawaimba mlandu. Bambo uja anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Amalume anangosonkhezera moto.

Atatonthola ananena yekha kuti iye ndi mng'ono wakeyo anakangana za dimba la mbatata ya kachewere, ndipo malemuyo atatuma mwana kudzamuitana ali chigonere, iye anakana. Amalume anayankha kuti, "Ndinalipo. Za dimbazo sanazitchule. Ankafuna akusiyire ana." M'mawa anametedwa. Sanachire tsiku lomwelo, kachasu anavuta kusiya, koma dzina la mng'ono wake anayamba kulitchula, ndipo tsiku lina anauza mkazi wake kuti, "Lero ndamusowa."

Ndiye usawapanikize amuna ako ndi mafunso, sikuti akudana nawe. Tumiza mawu kwa amalume awo kuti kumeta kwachiwiri asachite iwo kulibe, ndipo akagoneko ndithu, osati zongoonekera masana. Pakali pano uzitchula alamu akowo pankhani wamba, zimene ankakonda kudya, zimene ankaseketsa nazo anthu, ukatero n'kukhala chete. Koma ukamva akunena zoti bola awatsatire, kapena ukaona akugawa katundu wawo, usadikire zokolola. Uza abale tsiku lomwelo, mupite nawo kuchipatala, ndipo mankhwala a mbewu uwachotse m'nyumba.