Kamba wa pa basi yochokera ku Nkhotakota kupita ku Blantyre

"Zikomo achemwali. Mwezi wa mawa wa Novembala tikupita ku ukwati ku Blantyre kuchokera kuno ku Nkhotakota. Tilipo ine, bambo a kunyumba, apongozi anga ndi ana atatu, wa zaka 11, wa zaka 6 ndi wa zaka 2. Ulendo wathawu ndinaphika mpunga poto lonse ndi nkhuku, theka tinakataya titafika, koma ana analira njala madzulo. Nditenge chakudya chochuluka bwanji kuti chikwane koma chisatayike?"

Mayi, kutaya chakudya ndi kulira kwa anako zinachokera pa chinthu chimodzi. Munatenga chakudya chambiri cha mtundu umodzi, ndipo chonsecho nthawi yake yodyera inali imodzi, ya m'mawa. Pofika madzulo poto linali lidakali ndi mpunga, koma unali mpunga woti simungampatse mwana. Ndiye musayambe ndi kuchepetsa kapena kuwonjezera. Yambani ndi kuwerenga kuti mudya kangati panjira, kenako mumange kamba aliyense payekha, woonongeka msanga pamwamba, wouma pansi.

Tiyeni tiyende nawo msewuwo kaye. Mukanyamuka pa boma cha m'ma 6 koloko m'mawa, mudutsa pa mlatho wa Chia, Benga, Khombedza, mufika pa Kamuzu Road ku Salima dzuwa litakwera. Kuchoka apo ndi Chipoka, Golomoti, Balaka, Zalewa, kenako Blantyre. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo ndi kuima kwa pa masiteji ndi pa marodibuloko, ine ndimawerengera tsiku lonse, maola 9 kapena 10. Mu nthawi imeneyi banja limadya kawiri mokhazikika, kwina konseko ndi kungotolatola. Kudya kwachitatu, kumene anthu ambiri amakuiwala, ndi kwa kunyumba musananyamuke. Dzukani msanga, ana amwe phala, akuluakulu amwe tiyi ndi chinangwa kapena mbatata. Chakudya chimenecho sichifuna jumbo, sichitayika, ndipo chimakugulirani maola atatu a mtendere.

Tsono powerenga anthu musawerenge mitu. Wa zaka 11 amadya ngati munthu wamkulu, mwina kuposa agogo ake, ndiye akuluakulu mulipo anayi. Wa zaka 6 ndi theka la munthu wamkulu. Wa zaka 2 amangonyoma pang'ono koma pafupipafupi. Mukaphatikiza, mitu 6 ija ikusanduka magawo 5. Ndipo gawo la m'basi si gawo la pamphasa. Munthu wokhala pampando tsiku lonse, kukutentha, basi ikugwedeza, amadya ngati theka la zimene amadya kunyumba. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa, timaphika ngati tikukadyetsa anthu ochokera kumunda.

Phukusi loyamba ndi la cha m'ma 9 koloko, mukuyandikira Salima, ndipo ndi lokhalo limene muikemo zophikaphika. Ine ndikanaika mazira owiritsa 7 ndi mbatata zootcha 5 za msinkhu wa chibakera. Mazira ndi limodzi pa munthu, lachisanu ndi chiwirilo ndi la mnzanu wokhala naye pampando, poti kwathu kuno simungasende dzira n'kumadya nokha mwana wa eni akukuyang'anani. Gawo limenelo muzilikonzeratu, apo ayi lidzachoka pakamwa pa mwana wanu. Mazira musawasende kunyumba, chikamba chija ndiye chivindikiro chake, ndipo losweka powiritsa lidyereni kunyumba komweko. Mbatata yootcha ndimaikonda kuposa yophika chifukwa ndi youma kunja. Yophika mukaimanga m'jumbo ikadali yotentha imachita thukuta, pofika masana yayamba kuterera m'manja. Ziziritsani kaye, mukulunge m'kansalu koyera kapena m'pepala la khaki.

Nkhuku mwina simungaileke, poti ulendo wopanda nkhuku apongozi angaone ngati mwawapeputsa. Chabwino, koma si nkhuku yonse. Nthuli 6 basi, zokazinga mpaka kuuma bwino, zopanda msuzi, ndipo zithe pa kudya koyambako. Mukatenga nkhuku, mazira chepetsani akhale atatu a ana okha.

Ndikhalepo pang'ono pa nkhani ya mpunga, poti ndikudziwa kuti munthu wa ku Nkhotakota kumuuza kuti asiye mpunga kuli ngati kumulanda dzina. Malangizo a zaumoyo amati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2, pokhapokha chikhale chotentha kuposa madigiri 60 kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pamenepa ndi pomwe tizilombo timaswana, ndipo m'basi yodzaza, mwezi wa Novembala, kunyanja kuno, kontena yoikidwa pansi pa mpando imakhala pofunda mongoyenera tizilomboto. Mpunga uli ndi vuto lake lapadera. Mumakhala tizilombo tina timene njere zake sizifa pophika. Mpunga ukamazirala pang'onopang'ono timadzuka, n'kuyamba kuswana ndi kusiya poizoni amene sachoka ngakhale mutautenthetsanso. Munthu akadya amayamba kusanza patangotha maola ochepa. Choopsa n'chakuti nthawi zambiri mpungawo umaoneka bwinobwino ndipo sununkha. Ukafika pochita ulenda kapena kumveka kafungo kosasa ndiye kuti unaonongeka kalekale. Mphuno isakhale dokotala wanu, yang'anani wotchi.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Chaka china ndinanyamula mpunga ndi chambo cha msuzi m'kontena yaikulu, ndikuti tikadye masana. Basi inafa tisanafike pa Golomoti, tinakhala pansi pa mtengo maola atatu. Nditatsegula kontena, chivindikiro chinali chikudontha madzi, msuzi utachita tithovu m'mbali. Ndinakhuthulira patchire, ana akuyang'ana, m'chikwama mulibe ngakhale mtedza umodzi. Anatipulumutsa ndi mayi wina amene anali ndi chimanga chokazinga chomanga pa ngodya ya chitenje.

Ngati muli ndi firiji, pali njira. Kazingani nkhuku madzulo, igone m'firiji, ndipo muumitse mabotolo awiri a madzi mpaka akhale ayezi. M'mawa ikani kontena pakati pa mabotolowo, mukulunge ndi chitenje kapena thaulo. Nyama imakhalabe yozizira mpaka chakumasana, ndipo ayezi akasungunuka muli ndi madzi ozizira akumwa. Ngati firiji mulibe kapena magetsi anathima usiku, kazingani m'mamawa momwemo ndipo mudye musanapitirire Salima.

Phukusi lachiwiri ndi la masana, cha m'ma 1 koloko, pakati pa Golomoti ndi Balaka. Apa muikemo zosaopa kutentha. Chigumu chophika dzulo lake, chodula zidutswa 10 kuti gawo lililonse likhale ziwiri, ndi nthochi 6. Ngati chigumu simupanga, masikono 8 akwana. Nthochi sankhani zimene zangoyamba kupsa, ndipo zikhale pamwamba pa chikwama, chifukwa zakupsa kwambiri zikapanikizidwa zimafika zili phala. Manachesi kapena malalanje, akapezeka, ndi abwino koposa chifukwa amapha ludzu. Mango ndi nyengo yake m'Novembala, koma m'basi amasiya manja onata ndi ntchentche, adikireni kumene mukupitako. Buledi musamupakiretu majarini kapena kuikamo tomato, amanyowa ndipo palibe amene amamufuna.

Lachitatu ndiye limene munalibe ulendo uja. Makapu awiri a mtedza wokazinga, kapu imodzi ya chimanga chokazinga, paketi imodzi ya mabisiketi. Limeneli liikeni pansi penipeni, ana asadziwe n'komwe kuti lilipo, apo ayi litha musanafike pa Benga. Mulitsegule basi ikafa, kapena dzuwa likapendeka musanafike. Ubwino wake ndi wakuti likatsala silinatayike, mudzadya pobwerera. Ndiye ngati mtima ukukuuzani kuti chakudya chichepa, onjezani apa, osati pa nkhuku.

Mwana wa zaka 2 musamupatse mtedza wathunthu kapena chimanga chokazinga, amatha kutsamwa, makamaka basi ikagwera m'dzenje iye ali nacho mkamwa. Wake ndi nthochi, chigumu chofewa, mbatata ndi bisiketi, pang'onopang'ono pa maola awiri aliwonse. Mumuikire kakontena kakekake m'chikwama chanu cha m'manja kuti musamamasule phukusi la banja lonse iye akangolira. Ndipo ngati wa zaka 6 amasanza m'galimoto, mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi zimudikire afike. Za mafuta zimenezi ndi zimene zimabwerera msanga. Mupatseni bisiketi youma ndi madzi pang'ono, jumbo yopanda kanthu ikhale pafupi.

Madzi tengani malita 6, m'mabotolo angapo osati m'chigubu chimodzi. Malita 5 ndi akumwa, kuwerengera lita pa gawo, ndipo imodzi ndi yosamba m'manja, ndi kachidutswa ka sopo. Amene tinaona kolera ya 2022 ndi 2023 m'maboma a kunyanja kuno sitisekanso za kusamba m'manja musanasende dzira. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amamana ana madzi poopa kuti kondakitala sadzaimitsa basi, koma m'Novembala zimenezo zimadwalitsa mutu. Apatseni pang'ono pafupipafupi, ndipo basi ikaima paliponse pali chimbudzi, apite onse, kaya akuti sakufuna. Thobwa ndi labwino m'mawa, koma limapitiriza kusasa likafunda. Botolo lodzaza mpaka pakamwa, lotsekedwa zolimba, limatupa, ndipo mukalitsegula masana mumasambitsa anthu a mipando itatu. Lisiyeni mpata pamwamba ndipo lithe pamodzi ndi phukusi loyamba.

Mwina mukuona ngati zonsezi zachepa kwa anthu 6. Dala. Panjira imeneyi pa siteji iliyonse yaikulu ogulitsa amathamangira pa mawindo, ndiye sungani ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapadera, zokwana kugula kamodzi. Mukagula, gulani chimene mukuchiona chikuchoka pamoto, ngati chimanga chootcha, kapena chipatso choti musenda nokha. Nsomba kapena nyama yokazinga imene yakhala m'beseni kuyambira m'mawa ili ndi vuto lomwe lija la mpunga wanu, kungoti simukudziwa kuti inaphikidwa nthawi yanji.

Apongoziwo muwafunse ngati akumwa mankhwala ofuna kudya kaye, monga a shuga. Ngati ndi choncho, gawo lawo la chigumu ndi nthochi ziwiri zikhale m'manja mwawo kuyambira pa depoti, asadikire nthawi ya phukusi kapena kuti chikwama chitsitsidwe pamwamba. Mpunga wanu wa ku Nkhotakotawo utengeni ndithu, koma wosaphika, m'kathumba. Eni ukwati ku Blantyre akaulandira ndi manja awiri.