Dalaivala analipira chindapusa kupolisi, nanga wovulalayo apeza chiyani?

"Amuna anga amapalasa kabaza pa Chinkhoma. Mu Juni chaka chatha, cha m'ma 6 koloko madzulo, anawombana ndi minibasi yomwe inkapitirira lole, mwendo unathyoka ndipo anakhala miyezi isanu osagwira ntchito. Dalaivala analipira chindapusa kupolisi. A inshuwalansi akuti atipatse K900,000 tisayine, ati chifukwa njinga inalibe nyali. Tilandire kapena tipite kukhoti?"

Mayi, pepani ndi zovutazi. Musasayine kaye. Pepala limene amakupatsani polandira ndalama zotere limanena kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo mwendo ukadzavutanso mawa palibe khomo limene mungagogode.

Chindapusa chija ndi cha boma, sichikukhudzana ndi chipukuta misozi cha bambowo. Mlandu wawo ndi wina, wosumira munthu chifukwa cha kusasamala, ndipo osuma ndi iwowo, osati inu. Kuti awine ayenera kuonetsa khoti kuti dalaivala anali ndi udindo wowasamala, kuti udindowo anauphwanya, kuti kuphwanyako ndiko kunabweretsa kuvulala, komanso kuti ataya zakutizakuti. Umboni wake sufunika kukhala wothetsa chikaiko chonse ngati pa mlandu wakuba. Bola woweruza aone kuti nkhani yanu ndi imene ikulemera kuposa ya mbali inayo.

Za udindo musataye nazo tulo. Makhoti athu anagamula kalekale, monga pa mlandu wa Banda ndi anzake osumira ADMARC mu 1990, kuti woyendetsa galimoto ali ndi udindo kwa onse ogwiritsa ntchito msewu: asathamange mopyola muyeso, aziyang'ana bwino kutsogolo, azitsata zikwangwani. Wa njinga ali m'gulu lomwelo.

Nkhondo ili pa kuphwanya udindo, ndipo apa anthu ambiri amadalira lipoti la apolisi ngati kuti lokha likwanira. Lipotilo ndi lofunika, limakupatsani nambala ya galimoto, dzina la mwini wake, kampani ya inshuwalansi ndi nambala ya pepala lake. Koma mawu akuti "dalaivala ndiye analakwa" ndi maganizo a wapolisi amene anafika ngozi itachitika kale, ndipo loya wa mbali inayo akhoza kuwatsutsa ngati wapolisiyo sabwera kudzafunsidwa mafunso. Chimene chimagwira mlandu ndi mboni yoona ndi maso pamodzi ndi zimene msewu ndi galimoto zinaonetsa. Timayenda kumanzere. Minibasi yopitirira lole imalowa mbali ya obwera kutsogolo, ndiye ngati bambowo anali m'mphepete kumbali yawo, minibasi iyenera kuti inaphwanyika kutsogolo chakumanja, mbali ya dalaivala. Nyali yosweka ya mbali imeneyo, magalasi amene anagwera mbali ya wanjinga, ndi pamene njinga inakagwera, zonsezi zimanena malo amene anawombanirana popanda wina kulumbira. Apolisi apamsewu amajambula mapu a malo a ngozi, choncho loya wanu apemphe mapuwo, asangotenga lipoti lachidule lija. Ngati pamalopo pali mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu, kajambuleni ndi foni sabata ino, chifukwa kudumpha mzere umenewo popitirira galimoto ina n'koletsedwa.

Liwiro nalonso limayezeka. Pamsewu wa tala wouma, galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola ikamanga mabuleki mwamphamvu imaima pa mamita pafupifupi 14, pamene yoyenda 80 imafuna mamita oposa 35. Ngati mapu a apolisi akuonetsa mikwingwirima ya matayala ya mamita 30 pamalo pamene chikwangwani chikunena 50, dalaivala adzavutika kufotokoza. Mboni zifuneni panopa: anzawo a pasiteji, amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu, kapena amene anakwera minibasiyo. Pa Chinkhoma anthu ambiri amabwera ndi nyengo ya fodya n'kumwazikana msika ukatsekedwa, ndiye lembani maina ndi manambala awo asanasowe.

Tsopano nyali ija. Funso limene khoti limadzifunsa ndi ili: pakanapanda cholakwa chimenechi, kodi ngozi ikanachitikabe? Minibasi ikanakhala kumbali yake, njinga yopanda nyali ikanadutsa bwinobwino. Choncho gwero la ngozi ndi kupitirira lole njira isanaoneke kuti ili poyera. Akanena za chonyezimira cha kumbuyo kwa njinga, chimenecho sichilowa m'nkhani n'komwe, chifukwa anawombedwa kutsogolo. Koma nyali ya kutsogolo musaipeputse. Mu Juni kuno dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, pofika 6 koloko kumakhala kutachita mdima, ndipo woweruza akhoza kunena kuti dalaivala akanaona nyali sakanatuluka kumbuyo kwa lole. Zikatero mlandu sugwa. Khoti limagawa kulakwa, n'kuchotsa gawo la wovulalayo pa chipukuta misozi. Ndipo ntchito yotsimikizira kuti nyali panalibe komanso kuti kusowa kwake kunathandizira ngozi ndi ya iwo amene akunena zimenezo, osati yanu.

Pali mbali inanso imene imagwetsa anthu mwakachetechete, yolumikiza ngozi ndi mmene mwendo ulili lero. Buku la kuchipatala lisungeni ngati ndalama. Lionetse tsiku limene anafika ku chipatala cha Kasungu, zimene ekisireyi inapeza, tsiku loikidwa chikhakha ndi lochotsedwa, ndiponso kalata yowatumiza ku Kamuzu Central ngati anapitako. Mbali inayo imasakasaka mpata. Munthu akathawa m'chipatala, n'kukachotsa chikhakha kunyumba kuti akatemere mankhwala achikuda, fupa n'kulumikizana mokhota, adzanena kuti kukhotako anadzipangira yekha, ndipo gawo limenelo khoti likhoza kukana kulilipiritsa. Lipoti la dokotala likalembedwe bala litakhazikika, linene ngati mwendo wafupika, ngati bondo likupindika mpaka pati, ngati angathe kupalasanso atanyamula munthu, ndi maperesenti a kulumala. Lipoti lolembedwa sabata yoyamba limangoti fupa lathyoka, za mtsogolo silinena kanthu.

Ndalama zimene khoti limapereka zili mitundu iwiri. Zina ndi zosawerengeka ndi lisiti: ululu ndi kuzunzika, kulephera kuchita zimene munthu ankachita monga kulima kapena kuyenda mtunda, ndi kuwonongeka kwa maonekedwe monga zipsera kapena kutsimphina. Izi ku bwalo lalikulu amaziyeza ndi mkulu wina wa khoti wotchedwa rejisitala, poyerekeza ndi zimene anthu ovulala mofanana anapatsidwa posachedwa, n'kuganiziranso kugwa kwa kwacha. N'chifukwa chake loya wabwino sabweretsa zigamulo zakale zokha, poti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Zina ndi zimene munatulutsadi m'thumba kapena kutaya: thiransipoti, mankhwala ogula, ndodo zoyendera, malipiro a lipoti la apolisi ndi la dokotala, kukonza njinga, ndi ndalama za miyezi isanu ija. Zimenezi ziyenera kulembedwa chimodzichimodzi m'chikalata cha mlandu ndi kutsimikizidwa. Chosalembedwa kapena chopanda umboni khoti limachidumpha, ngakhale aliyense akudziwa kuti munalipira.

Wa kabaza alibe pepala la malipiro, ndiye umboni umangidwe ndi zimene zilipo: wapampando wa pasiteji adzanene zimene munthu amapeza pa tsiku, buku la banki mkhonde lionetse zimene ankaponya sabata iliyonse ndi pamene zinaimira, mauthenga a ndalama za pafoni asafufutidwe. Popanda zimenezi makhoti kawirikawiri amangogwiritsa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma. Ngati dokotala wanena kuti kabaza sadzapalasanso ngati kale, palinso chipukuta misozi cha mphamvu yopezera ndalama m'tsogolo, chomwe chimawerengedwa poona zaka zawo ndi zimene ankapeza pa chaka.

Tiyeni tiyese masamu, manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti ankapeza K6,000 pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, miyezi isanu: K780,000. Malisiti a thiransipoti, mankhwala ndi malipoti akwana K120,000. Rejisitala wapereka K6,000,000 pa ululu, kulephera zina ndi kutsimphina. Zonse pamodzi K6,900,000. Khoti lanena kuti nyali ija ndi 20 peresenti ya kulakwa, ndiye tichotse K1,380,000, patsala K5,520,000. Muone kuti pa masamu amenewa K900,000 ikungobweza zimene munataya kale, za mwendo weniweniwo mulibemo.

Koma si zonse zimene zidzachokere ku inshuwalansi. Gawo 148 la lamulo la zapamsewu la 1997 limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, koma kampaniyo imalipira polekeza pa malire a pepala lake, ndipo pa milandu yambiri malirewo akhala K5,000,000. Pa chitsanzo chathu K520,000 yotsalayo muyenera kuitenga kwa dalaivala ndi mwini minibasi. Choncho m'chisamani mulowe onse atatu. Mwini galimoto amasenza kulakwa kwa dalaivala wake ngati ngozi inachitika ali pa ntchito, ndipo kunena zoona ndi iyeyo amene ali ndi katundu woti khoti lingagwire, dalaivala wa minibasi nthawi zambiri alibe.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu ndi nthawi. Kusumira dalaivala ndi mwini galimoto pa kuvulala kwa thupi muli ndi zaka zitatu kuchokera tsiku la ngozi, koma ufulu wosumira inshuwalansi mwachindunji umatha pa zaka ziwiri zokha. Makalata okambirana, ngakhale akhale aulemu bwanji, saimitsa masiku amenewa. Chimene chimawaimitsa ndi chisamani chimene chalowa kukhoti. Kusuma sikutseka kukambirana, chifukwa ku bwalo lalikulu mlandu umayamba wadutsa pa mkhalapakati usanafike pozengedwa, ndipo yambiri imathera pomwepo, ndalama zake zili zokambidwa ndi anthu amene aona umboni wanu.

Tengani lipoti la apolisi, buku la kuchipatala, malisiti, maina a mboni ndi pepala limene akufuna musayinelo, mupite nazo kwa loya, kapena ku Legal Aid Bureau ngati ndalama ya loya palibe. Mupite nokha ndi bambowo, osadzera mwa anthu oyendayenda m'mawodi ndi kupolisi amene amati "tikuthamangitsirani". Loya akavomera mlandu, mugwirizane polemba gawo limene adzatenge, ndipo ndalama zikadzatuluka mupemphe kuona chikalata chochokera ku inshuwalansi chonena ndalama zonse zimene zalipiridwa.