Amuna anga akufuna digiri ya zaulimi, ine ndikuopa njala pakhomo

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Amuna anga amagulitsa m'sitolo ya mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto, ndipo amalandira K180,000 pamwezi. Ine ndimaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba, 100 ulendo umodzi. Pazaka zitatu takwanitsa kusunga K2,400,000.

Vuto layamba chifukwa bambowa akufuna kusiya ntchito kuti akachite digiri ya zaulimi. Analemba MSCE mu 2014 ndipo anakhoza bwino. Akuti atopa kutchedwa "wogulitsa uja" pomwe mng'ono wawo ali ndi digiri. Ine ndinati bwanji akachite kosi ya miyezi yochepa ya nkhuku, poti chaka chatha zinatifera 40 sabata imodzi. Anakwiya, akuti ndikuwapeputsa komanso ndikuopa kuti akakapita kukoleji akapeza wina. Apongozi akuti dipuloma ndiye yabwino. Tsopano sabata ziwiri zatha tikungolankhulana za ndiwo basi. Ndalamayi ndi ya tonse. Nditani?

Mayi wa ana awiri, Mponela

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani pang'ono. Pamene munatchula kosi ya nkhuku ija, bambowo sanamve za nkhuku ayi. Anamva kuti "khalani pomwe mulipo". Munthu amene wakhala zaka zambiri kuseri kwa kauntala, akulangiza alimi za mankhwala koma osatchedwa mlangizi, ali ndi bala lomwe kosi ya miyezi itatu singapoletse. Nkhawa yanu ya njala ndi yoona, koma njala yawo ya ulemu nayonso ndi yoona. Chomwe chalakwika n'choti mukukangana ngati satifiketi, dipuloma ndi digiri ndi chinthu chimodzi chosiyana kukula kokha, ngati ndowa yaing'ono, yapakati ndi yaikulu. Si choncho. Pepala lililonse limatsegula khomo lakelake, ndipo funso loyamba kwa bambowo ndi lakuti akamaliza akufuna azidzuka m'mawa kupita kuti.

Tiyambe ndi digiri, poti ndiyo yabweretsa mkangano. Ku Bunda, komwe tsopano ndi mbali ya yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, digiri imatenga zaka zinayi. Inu mwina mukuwerengera fizi yokha, koma mtengo waukulu wa digiri kwa munthu wapabanja ndi malipiro omwe akuwasiya. Tengani K180,000 ija muchulukitse ndi miyezi 48. Ikukwana K8,640,000. Imeneyi ndi ndalama yomwe siidzalowa m'nyumba mwanu, tisanawerengere fizi, chipinda chogona, chakudya cha kusukuluko, laputopu ndi thiransipoti yobwerera kudzaona ana. K2,400,000 mwasungayo, mutati muzingoigwiritsa ntchito m'malo mwa malipiro a bambowo osalipirako china chilichonse, ikutha m'miyezi 13. Apo n'kuti ali kumayambiriro kwa chaka chachiwiri.

Pali chinanso chomwe mwina sanachiganizire. Kusankha ophunzira opita kumayunivesite aboma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, kumatenga ana omwe alemba MSCE m'zaka zaposachedwa, osati wa 2014. Munthu wamkulu ngati iwo amalowera njira zina, monga ya anthu omwe ali kale ndi dipuloma, kapena maphunziro ochitira kunyumba omwe LUANAR imawatcha ODeL. Ngongole ya boma ya ophunzira iliko, koma ndi ngongole ndithu, imabwezedwa, ndipo si aliyense wopempha amene amaipeza. Banja lisasiyitse munthu ntchito podalira ngongole yomwe dzina lake silinatuluke.

Nanga digiriyo imagula chiyani? M'boma, wa digiri amayambira giredi I pomwe wa dipuloma amayambira giredi K, ndipo kusiyanako kumaoneka pamalipiro ndi pakukwezedwa. Maudindo oyang'anira mapulojekiti m'mabungwe, ntchito za kafukufuku ngati ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, komanso umanejala m'maesiteti, nthawi zambiri zimafuna digiri. Koma mipando yotere ndi yochepa, ndipo chaka chilichonse kumatuluka anyamata ndi atsikana ena atsopano oifuna. Inu nomwe mukuwadziwa ana a anzanu omwe zithunzi zawo atavala mkanjo zili pakhoma, eniake ali pakhomo chaka chachiwiri akudikira kuitanidwa. Mnyamata wa zaka 23 angadikire akudya kwa makolo. Bambo wa ana awiri angadikire akudya kwa ndani?

Apongozi anu, kaya anaganiza mozama kaya anangolasa mwamwayi, sanaphonye. Dipuloma imatenga zaka ziwiri kapena zitatu malinga ndi sukulu ndi pulogalamu yake, ndipo ndi pepala la ntchito ya kumunda. Mlangizi wa zaulimi amene mumamuona pa njinga yamoto akuyendera midzi ya m'dera lanu, kawirikawiri ndi wa dipuloma. Chimodzimodzi mlangizi wa ziweto amene amabaya ng'ombe katemera ndi kuyeza nyama isanagulitsidwe pamsika. Ambiri mwa iwo anadutsa kukoleji ya zaulimi ya NRC, kufupi ndi Lilongwe, komwe kuli madipuloma a ulimi, ziweto, ulimi wothirira ndi ena. Makampani a fodya, a mbewu ndi mabungwe ogwira ntchito m'midzi amalembanso anthu otere, ngakhale kuti ntchito zambiri za m'mabungwe zimakhala za kontirakiti, pulojekiti ikatha nazo zatha.

Kwa amuna anu, dipuloma yomwe ndingailoze ndi ya zaumoyo wa ziweto. Chifukwa chake si chovuta. Akudziwa kale mayina a mankhwala, akudziwana ndi alimi a dera lonselo, ndipo kunyumba kuli khola. Dipuloma imeneyi ili ndi miyendo iwiri: ntchito yolembedwa ikachedwa, munthu sakhala manja lende, chifukwa mbuzi, nkhumba ndi nkhuku sizisiya kudwala podikira kuti boma lilembe anthu. Ndipo chofunika kwambiri pa bala lija n'chakuti dipuloma siitseka khomo la digiri. Amene ali ndi dipuloma yovomerezeka amatha kukapitiriza, ndipo nthawi zambiri sayambira chaka choyamba. Alangizi ambiri achita zimenezi ali kale pantchito, malipiro akulowa. Choncho powauza bambowo musanene kuti "digiri ayi". Nenani kuti "digiri inde, koma tilowere khomo ili".

Musaganize kuti dipuloma ndi yotchipa. Ikakhala ya zaka zitatu, malipiro otayika ndi miyezi 36, yomwe ndi K6,480,000. Yachepa poyerekeza ndi ija, koma idakali phiri. N'chifukwa chake ndikubwerera kwa inu ndi nkhuku zanu.

Kosi yaifupi ija munaitchula ndi yabwino, kungoti munaipereka kwa munthu wolakwika. Ndi yanu imeneyo. Satifiketi ya sabata zingapo kapena miyezi yochepa kawirikawiri siipezetsa ntchito ya muofesi, ndipo amene angakuuzeni kuti mukamaliza mudzalembedwa ulangizi akukunamizani. Ntchito yake ndi kuwongola manja a munthu amene ali kale ndi chochita. Nkhuku 40 kufa sabata imodzi si tsoka wamba ayi. Imfa yothamanga chonchi pa nkhuku za nyama nthawi zambiri imakhala chitopa kapena gumboro, ndipo onsewa ali ndi katemera. Mwina munatemera ndithu, koma katemerayo anatentha panjira kuchokera kusitolo, kapena munasungunulira m'madzi a pampopi okhala ndi kolorini, kapena madziwo anakhalitsa padzuwa nkhuku zisanamwe. Zinthu ngati zimenezi, pamodzi ndi kufunditsa anapiye, kusintha utuchi, kupumitsa khola pakati pa magulu ndi kulemba m'kabuku thumba lililonse la chakudya, ndizo kosi yabwino imaphunzitsa. Nkhuku za nyama zimakula pa sabata zisanu ndi imodzi, ndiye zomwe mwaphunzira muziona m'thumba mwanu miyezi iwiri isanathe. Palibe digiri yomwe imabweza ndalama msanga chotero.

Posankha kosi yotere, funsani funso limodzi: khola lawo lili kuti? Ngati akuphunzitsa nkhuku pabolodi pokha, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo, bwererani ndi ndalama yanu. Za dipuloma ya bambowo, asanalipire ngakhale ya fomu, aone ngati sukuluyo komanso pulogalamu yeniyeniyo zili pamndandanda wa zovomerezeka ndi NCHE. Ndanena pulogalamu mwadala, chifukwa sukulu imatha kukhala yolembetsedwa koma kosi ina mkatimo isanavomerezedwe. Ndinalandirapo kalata ya mayi wina yemwe anagulitsa ng'ombe ziwiri kulipirira mwana dipuloma pakoleji ina, mwanayo n'kukabwezedwa pa intavyu ati pepala lake silikudziwika.

Tsono ndondomeko yomwe ndingakupatseni ndi iyi. Chaka chino bambowo asasiye ntchito. Pa K2,400,000 ija mutapepo pang'ono pa kosi yanu ndi kukuza khola, yotsalayo ikhale ya fizi yawo, isakhudzidwe ngakhale kubwere ukwati wa mlamu. Mugwirizane chizindikiro choti nonse muzichiona: phindu la nkhuku likakwanitsa lendi, chakudya ndi sukulu ya ana kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, popanda kukhudza malipiro awo, ndiye kuti nyumba yaima payokha ndipo angathe kupita. M'miyezi imeneyo malipiro awo azipita kothandizira fizi. Phindulo likalephera kufika, simunataye kanthu, mwangodziwa zoona ntchito ikadali m'manja, ndipo apo ayang'ane za ODeL zomwe angaphunzire akugulitsabe m'sitolo muja. Njira imeneyo imafuna munthu wodziletsa, wowerenga usiku atatopa, komanso ndalama ya bandulo ndi maulendo opita kukalemba mayeso.

Nawonso ali ndi homuweki. Kwa miyezi itatu azisunga zotsatsa ntchito za ulimi zomwe akuziona m'nyuzipepala ndi pafoni, n'kumalemba kuti iyi ikufuna pepala lanji, zaka zingati za luso, ndipo ili boma liti. Akachezenso ndi mlangizi wa ziweto wa kwanuko, amufunse kuti anadikira nthawi yaitali bwanji asanalembedwe. Zimenezi zidzawauza zambiri kuposa mng'ono wawo, kuposanso ine.

Pomaliza, nkhani ya "akapeza wina" ija musaikwirire. Simunandiuze ngati ndi bodza. Ngati mantha amenewo alipo ngakhale pang'ono, anenereni poyera, chifukwa mukawabisa kuseri kwa masamu bambowo adzawanunkhiza ndipo masamu anu onse adzawakana. Mugwirizane kuti azibwera kangati pamwezi, poti Lilongwe ndi Mponela si kutali, komanso kuti ndalama ya fizi izituluka nonse mukudziwa. Ankhoswe musawaitane kaye. Ana akagona, tengani kope ndi cholembera, mukhale nawo pamphasa, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti, "Bambo a ana, ndikufuna mupite kusukulu, tiyeni tione kuti tizidya chiyani mukapita."

Azakhali