Za kolugeti wa makala uja

"Abale, kolugeti wakuda wa makala wadzaza pa Luchenzayu amayeretsadi mano? Ndipo saononga enamelo?"

Achimwene, amayeretsa koma pamwamba pokha. Makalawo amagwira ntchito mokwecha, ngati mchenga potsuka poto, ndiye zothimbirira za tiyi wopanda mkaka amene timamwa daile kuno ku Thyolo, kapena za fodya, zimachokako ndithu. Koma mtundu weniweni wa dzino uli mkati, pansi pa enamelo, chikuto cholimba chapamwamba pa dzino, pali dentini yemwe ndi wachikasu chibadwire, ndipo makala safikako. Mano ofiirira chifukwa cha fulorayidi wochuluka m'madzi a pa mjigo muli mwana, amenewo olo mukweche bwanji sasintha.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ichi, enamelo akaperepeseka sameranso, ndiye munthu ukamakwecha tsiku ndi tsiku ndi mswachi wolimba mwamphamvu amapyapyala, chikasu chamkati chija n'kuyamba kuonekera, iwe n'kumati mano ada n'kuonjezeranso kukwecha. Mudzadziwa kuti zafika pamenepo mukamwa madzi ozizira dzino n'kumva ngati shoko makamaka cha kufupi ndi nkhama, kapena nsonga za mano akutsogolo zikayamba kuoneka mbuu. Zikatero siyani pompo mukaonane ndi dokotala wa mano.

Chinanso tembenuzani chubu muwerenge, ambiri a makalawa alibe fulorayidi amene amateteza mano kuti asabooke. Kolugeti wa akuluakulu azilembedwa kuti fulorayidi wake ndi 1350 mpaka 1500 ppm. Ngati mwagula kale wa makalayo, kamodzi pa sabata ndi mswachi wofewa basi, ana musawapatse. Makala a pa mbaula osinja ndiye ayi ndithu, amakanda koposa.